Lipoti lija kapena lipoti lina? Zolakwika zitatu zimene zinachedwetsa ndalama

Mwezi wathawu mayi wina amene ndinamuphunzitsapo zaka za m'mbuyomu ananditumizira uthenga pafoni madzulo. Panopa amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kabungwe kena kakang'ono kothandiza alimi, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito zimachokera kwa anzawo a ku Ulaya. Uthenga wake unali wachidule: "Aphunzitsi, tandionereni imelo iyi. Ndalakwitsa pati? Andiyankha ndi mafunso okhaokha, ndalama sanatumizebe, ndiye abwana akungoyang'ana ine."

Imeloyo, nditachotsamo mayina, inali yotere:

*Dear Madam,*
*I have sent a report yesterday. Our vehicle was not working from March, so we kindly request for your support. I also sent the money for the trainer. Receipt is attached. We can discuss about the budget next week.*

Mayi wa ku Ulaya uja anayankha mwaulemu, koma anafunsa zinthu zitatu. Choyamba, lipoti lake ndi liti, popeza iwo akudikirabe lipoti la miyezi itatu? Chachiwiri, kodi galimotoyo inakonzedwa, moti mukufuna tikubwezereni zimene munawononga, kapena ikadali yowonongeka? Chachitatu, ndalama mukuti mwatumizazo sitikuziona mu akaunti yathu, munatumiza liti?

Ndikawerenga imeloyi ndi cholembera chofiira m'manja, ndikupezamo malo asanu ndi awiri ofunika kukonza. Koma onani kuti mafunso anabwera atatu okha. Zolakwika zinayi, zomwe ndi *have sent* pamodzi ndi *yesterday*, *request for*, *Receipt* wopanda *the*, ndi *discuss about*, wowerengayo anangodutsa osapunthwa. Zimene zinam'gwetsa ndi *a report*, *was not working from March*, ndi *for the trainer*. Chodabwitsa n'chakuti zitatu zimenezi ndi Chingerezi chovomerezeka. Pulogalamu yowunika galamala pakompyuta siyingazilembe mzere wofiira, chifukwa chiganizo chilichonse chikuima bwinobwino, kungoti chikunena zina zimene mlembi sanafune kunena. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imeneyi: cholakwika chodula mu imelo nthawi zambiri ndi chimene chimaoneka cholondola, ndipo njira yochigwirira ili m'Chichewa chathu chomwechi.

Nditam'bwezera imeloyo kuti aiwerengenso modekha, mayi uja anakonza yekha *Receipt is attached* kukhala *The receipt is attached*, n'kuseka kuti chinali changu. Koma zitatu zija anaziwerenga kawiri osaona vuto. Katswiri wa zamaphunziro a ziyankhulo Pit Corder, m'nkhani yake ya mu 1967, anasiyanitsa mitundu iwiri imeneyi: kuphonya kwa changu kapena kutopa, kumene munthu amakonza yekha akayang'ananso, ndi kulakwitsa kochokera ku malamulo amene munthuyo wadzipangira m'mutu mwake okhudza chiyankhulo chachiwiricho. Mtundu wachiwiriwu suchoka ndi mawu akuti "uziwerenganso usanatumize". Pafunika kupeza lamulo lobisikalo ndi kumene lachokera. Tiyeni titenge zitatu zija chimodzichimodzi.

Timawu *a* ndi *the*: funso ndi lakuti wowerenga akudziwa chiyani

Ambiri tinaphunzitsidwa kuti Chichewa chilibe timawu totsogolera dzina ngati *a*, *an* ndi *the*, ndipo n'zoona. Mawu akuti "lipoti" angaimire *a report*, *the report*, kapena lipoti mwachisawawa. N'chifukwa chake polemba Chingerezi timatiiwala timawuti, kapena timangoponyapo kalikonse kuti dzina lisakhale lokha. Mayi uja nditam'funsa chifukwa chimene anasankhira *a*, anati, "Nanga si lipotilo ndi limodzi, aphunzitsi?" Lamulo la m'mutu mwake linali limenelo: chinthu chikakhala chimodzi, ika *a*.

Koma ntchito yaikulu ya timawuti si kuwerenga zinthu. *The* amauza wowerenga kuti chinthu ndikunenachi ukuchidziwa kale, ungathe kuchiloza. *A* amamuuza kuti ichi n'chatsopano kwa iwe, usavutike kuchifufuza m'zimene tinakambirana. Ndiye munthu amene wakhala milungu iwiri akudikira lipoti la miyezi itatu akawerenga *a report*, mutu wake umati, "Ili ndi lina, lija silinabwerebe." Lipotilo linali litapita ku adiresi ya ofesi yonse, ndipo mayi wa ku Ulaya uja sanapite n'komwe kukaliyang'ana, poti chiganizocho chinamuuza kuti si limene akulifuna.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati Mchewa alibe poyambira pa nkhani imeneyi. Kusiyana kumeneku timakuchita tsiku ndi tsiku, kungoti timakuika kumapeto kwa dzina. Yerekezani ziganizo izi:

Ndatumiza lipoti.
Ndatumiza lipoti lina lake.
Ndatumiza lipoti lija.

Chachitatucho simungachinene kwa munthu amene simunakambiranepo naye za lipotilo. Akufunsani kuti, "Lija liti?" Kamawu ka -ja (uja, lija, chija, zija) kamaloza chinthu chimene tonse awiri tikuchikumbukira, ndipo -yo, -lo, -cho amaloza chimene changotchulidwa kumene: "Ndalandira kalata. Kalatayo ikuti..." M'Chingerezi ndi *I received a letter. The letter says...* Mayendedwe ake ndi amodzimodzi: potchula koyamba dzina lili lokha, potchula kachiwiri lavala chizindikiro.

Palinso chizindikiro china mkati mwa mneni. "Ndalandira kalata" ndi "Ndailandira kalata ija" n'zosiyana, ndipo ka -i- ka mu "ndailandira" kakuimira chinthu chodziwika kale. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya mu 1987 yokhudza Chichewa, anaonetsa kuti kachidutswa kameneka kamagwira ntchito ngati mlowam'malo wolowetsedwa mu mneni, ndipo dzina limene likugwirizana nako limakhala mutu wa nkhani umene ukukambidwa. Kwa ife olemba maimelo, phindu lake ndi ili: ngati m'Chichewa pakamwa panu pakubwera "ndalitumiza" m'malo mwa "ndatumiza", mwina mukunena za chinthu chimene chikufuna *the*.

Choncho muyeso umene ndinam'patsa mayi uja ndi wophweka. Pa dzina lililonse lofunika mu imelo, linene m'Chichewa, kenaka yesa kuikapo -ja kapena -yo. Zikamveka bwino, lemba *the*. Ngati chimene chikukwanira ndi "lina lake" kapena "china chake", lemba *a*. Iye anayesa: "Ndatumiza lipoti lija." Anangoti, "Eya, ndi lija ndithu." Basi, *the report*. Ndipo poti mu ofesi malipoti ndi ambiri, ndi bwino kuwonjezera dzina lake lonse, *the quarterly report*.

Muyesowu uli ndi malire, ndipo ndiyenera kuwatchula. Chingerezi chimaikanso *the* pa zinthu zimene zilipo chimodzi chokha pamalopo, ngakhale sizinatchulidwepo, monga *the sun*, *the director*, *the first page*, pomwe ife sitinena "dzuwa lija" popanda chifukwa. Mayina a malo ndi mabungwe nawo ali ndi chizolowezi chawo chongofunika kuloweza: timalemba *the Shire River* koma *Lake Malawi*, *the University of Malawi* koma *Mzuzu University*. Ndiponso pali mayina amene Chingerezi sichiwawerenga, monga *advice*, *information* ndi *equipment*, amene salola *a* kapena *-s*, pomwe kwa ife "malangizo" ndi "zipangizo" ndi zochuluka, ndiye dzanja limafuna kulemba *advices* ndi *equipments*. Koma mukalakwitsa pa zimenezi wowerenga amamvabe. Pamene -ja akugwira ntchito ndi pomwe pali ngozi yeniyeni.

Nthawi ya mneni: kodi galimoto ikadali yowonongeka?

Mu imelo ija muli zolakwika ziwiri za nthawi ya mneni, china chopanda vuto, china chodula. Ndiyambe ndi chopanda vutocho, chifukwa n'chimene aphunzitsi timakonda kuchithira inki yofiira.

*I have sent a report yesterday.* Lamulo la Chingerezi ndi lakuti *have sent* sayendera limodzi ndi mawu otchula nthawi imene inatha, monga *yesterday*, *last week* kapena *in 2019*. Ukatchula nthawi yotero umalemba *I sent*. Chifukwa chimene timaphonyera n'chosavuta kuona. "Ndatumiza" amafanana kwambiri ndi *I have sent*: ntchito yachitika ndipo zotsatira zake zilipo. Koma polankhula, Chichewa chimalola "Ndabwera dzulo" kwa munthu amene anafika dzulo ndipo akadali pompano. Chingerezi chimakana *I have come yesterday*. Komabe palibe Mngelezi amene angasokonezeke nazo. Adziwa kuti wolembayo Chingerezi si chiyankhulo chake choyamba, koma tsiku walimva, ntchito waimva.

Chodula ndi ichi: *Our vehicle was not working from March.* Mayi uja m'mutu mwake munali chiganizo chakuti "Galimoto yathu inawonongeka kuyambira mu Malichi." Anaona -na-, n'kukumbukira kuti -na- ndi nthawi yakale, ndiye anasankha *was*. Vuto ndi lakuti -na- ndi -da- wa Chichewa nthawi zambiri amanena chinthu chimene chinachitika kale koma zotsatira zake zikadalipo mpaka lero. Munthu akati "Ndinakwatira", tonse timamva kuti ali pabanja. Akati "Denga linagwa", timamva kuti nyumbayo ili pamtetete. Koma munthu yemweyo akalemba *I was married*, Mngelezi amva kuti banja linatha kapena mkazi anamwalira. Nthawi yakale ya Chingerezi ikakhala pa mawu onena mkhalidwe, monga *was*, *had* kapena *was not working*, imakankhira mkhalidwewo kumbuyo, ndipo wowerenga amaganiza kuti mwina pano zinasintha.

Chichewa chili nayo njira yonenera kuti zinasintha, koma ili m'kamvekedwe ka mawu, kamene sitilemba. M'malankhulidwe a anthu ambiri, "adábwera", mawu atakwera pa -da-, amasiya mlendoyo ali pakhomo, pomwe "adaabwera", ndi -daa- wokoka, amatiuza kuti anabwera koma anabwereranso. Kamvekedweka kamasiyana malinga ndi dera, ndipo Andrea Kiso, m'kafukufuku wake wa mu 2012 woyerekeza nthawi za aneni m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chisena, anaonetsa kuti kagwiritsidwe ntchito ka -na- ndi -da- sikofanana m'madera onse. Koma mfundo yofunika pano ndi yakuti khutu lathu limasiyanitsa zinthu ziwiri zimene pepala limazilemba mofanana. Tikamamasulira kuchokera pa zimene zalembedwa m'mutu, -na- aliyense amasanduka nthawi yakale ya Chingerezi, ndipo kusiyana kuja kumatayika panjira.

Kamawu ka *from* kanawonjezera chisokonezo. "Kuyambira" timam'masulira *from* kapena *since*, koma awiriwa sagwira ntchito imodzi. *From March* amayembekezera mapeto, monga *from March to May*, ndiye wowerenga amaona nyengo yotsekeka imene mlembi waiwala kutchula potsekera pake. *Since March* amatsegula nyengo kuchokera mu Malichi kufika pa tsiku lolemba imeloyo, ndipo amafuna mneni wa *has* kapena *have*. Choncho chiganizo chimene mayi uja ankafuna ndi *Our vehicle has been off the road since March*, kapena *Our vehicle broke down in March and has not been repaired*.

Muyeso wake apa ndi kamawu ka -be. Mukalemba chiganizo cha nthawi yakale, dzifunseni m'Chichewa: kodi zikadali choncho? Galimoto ndi yowonongekabe? Ndalama tikuzidikirabe? Yankho likakhala inde, nthawi yakale yokha siyikwanira, pakufunika *has been* kapena *have been* ndi *since*. Muyeso womwewu umagwiranso cholakwika china chofala, cha mbali inayo: "Tikudikira ndalama kuyambira mu Malichi" amabala *We are waiting for the funds since March*, poti -ku- ndi nthawi yatsopano. Cholondola ndi *We have been waiting*. Apa Chichewa chili ndi chofanana nacho ndendende, "takhala tikudikira", ndipo ndaona kuti munthu akayamba waganiza chiganizocho ndi "takhala tiku-", Chingerezi chake chimatuluka cholondola chokha.

Kusiyana kwa ndalama kunali kwakukulu. Galimoto ikakhala kuti inakonzedwa, bungwe la ku Ulaya likanafuna malisiti a kugalaja kuti libweze zimene zinawonongedwa. Ikakhala yowonongekabe, likanafuna mitengo ya amakaniko kuti livomereze ntchitoyo isanayambe. Awa ndi mafomu awiri osiyana, ndipo mayi uja sakanatha kusankha popanda kufunsa.

Aperekezi: -ira mmodzi, mawu a Chingerezi anayi

Aperekezi a Chingerezi amavuta aliyense wophunzira chiyankhulochi, koma kwa ife pali chifukwa chapadera. Zambiri zimene Chingerezi chimanena ndi mperekezi, Chichewa chimazinena ndi mneni. Taonani "ku" mu ziganizo izi: "Ndikupita ku Zomba", "Ndimakhala ku Zomba", "Ndachokera ku Zomba". "Ku" sanasinthe, mneni ndiye akutiuza ngati tikupita, tili komweko kapena tikuchokako. Chingerezi chimafuna *to*, *in* ndi *from*.

Nkhani ya ndalama za mlangizi ija ikuchokera pa msintho womuchitira, uja wa -ira ndi -era. Mlangiziyo anabwera kudzaphunzitsa alimi, ndipo mayi uja anam'lipira kudzera pafoni. M'Chichewa akanati, "Ndinamutumizira mlangizi ndalama." Kusukulu msintho umenewu tinauphunzira ndi zitsanzo ngati "kuphikira ana" ndi "kugulira mayi", zimene zimamasuliridwa ndi *for*. Ndiye m'mutu mumakhazikika lamulo lakuti -ira ndi *for*. Koma -ira ndi wotakata kuposa pamenepo, monga Mchombo akufotokozera m'buku lake la kalembedwe ka ziganizo za Chichewa la mu 2004. "Kuphikira ana" ndi *cook for*. "Kulembera mkulu wa sukulu" ndi *write to*. "Kuphikira mthiko" ndi *cook with*. "Kuphikira panja" akunena malo, ndipo "Ukulirira chiyani?" akufunsa chifukwa. Ngakhale "ndinamutumizira" yemweyo ali ndi matanthauzo awiri: mwina ndalama zinapita kwa iye, mwina ndinatumiza m'malo mwake poti iye analibe foni. Ife timadziwa tanthauzo lake poona nkhani yonse. Chingerezi chimakukakamiza kusankha.

Kagawidwe kake m'Chingerezi kali motere. Aneni onena za chinthu chochoka m'manja mwa wina kupita kwa wina, monga *send*, *give*, *lend*, *forward* ndi *write*, amatenga *to* pa wolandirayo. Aneni onena za kupanga kapena kupeza chinthu kuti wina apindule, monga *cook*, *buy*, *book* ndi *prepare*, amatenga *for*. Ukaika *for* pambuyo pa *send the money*, wowerenga samumvanso mlangizi ngati wolandira. Amamanga *the money for the trainer* kukhala chinthu chimodzi, "ndalama za mlangizi", ndipo chiganizocho chimatsala chopanda wolandira. Tsono imelo ikanena kuti *I sent* popanda kutchula kumene zapita, wowerenga amaganiza kuti zatumizidwa kwa iye. N'chifukwa chake mayi wa ku Ulaya uja anakafufuza mu akaunti yawo, akuganiza kuti maphunziro aja analephereka ndipo ndalama zabwezedwa.

Muyeso wake ndi kuchotsa -ira n'kunena chiganizocho ndi "kwa". "Ndinatumiza ndalama kwa mlangizi." Zikatheka popanda kusintha tanthauzo, lembani *to*. Ngati zimene zikukwanira ndi "m'malo mwa", lembani *on behalf of*, amene ndi womveka kuposa *for*. Ndipo pa nkhani ya malipiro, Chichewa chimatithandiza kwambiri, chifukwa timasiyanitsa "kulipira" ndi "kulipirira". "Ndalipira dalaivala" ndi *I paid the driver*, ndalama zili m'thumba mwake. "Ndamulipirira dalaivala" ndi *I paid for the driver*, kutanthauza kuti ndapereka ndalama kwa wina, kaya kumalo ogona kaya kodyera, chifukwa cha iye. Wowerengera ndalama akasokoneza ziwirizi, lisiti ndi chiganizo zimatsutsana, ndipo wofufuza mabuku adzafunsa.

Nanga zinayi zotsala zija?

*Discuss about* ndi *request for* ali ndi makolo awiri. Mbali ina ndi Chichewa, poti timati "kukambirana za bajeti", ndipo "za" amafuna malo ake m'Chingerezi. Mbali ina ndi Chingerezi chenichenicho, chimene chimati *a discussion about* ndi *a request for* likakhala dzina, koma *discuss the budget* ndi *request your support* akakhala mneni. N'chifukwa chake mawuwa mungawamve ku India, ku Nigeria ndi m'maiko ena ambiri amene ziyankhulo zawo sizifanana n'komwe ndi chathu. Barbara Seidlhofer, polemba mu 2004 za Chingerezi chimene anthu a ziyankhulo zosiyana amalankhulana, anaika kuwonjezera aperekezi ndi kusiya timawu totsogolera dzina pa mndandanda wa zinthu zofala zimene kawirikawiri siziletsa anthu kumvana. Imelo ya mayi uja ikuvomereza zimenezi: palibe funso limene linabwera pa *discuss about*.

Sindikunena kuti muzisiye. Wochonga mayeso a Chingerezi a Fomu 4 adzakuchotserani malikisi, ndipo m'kalata yofunsira ntchito, pomwe wowerenga ali ndi makalata mulu ndipo akufunafuna chifukwa chochepetsera, kanthu kakang'ono kangakutayitseni mwayi. Koma nthawi ikakhala yochepa, imelo ikuyenera kupita isanakwane 5 koloko, yambani ndi zimene zingasinthe chochita cha wowerenga. Zinazo ndi zokhudza maonekedwe anu, izi ndi zokhudza ntchito yeniyeniyo.

Ndiyeneranso kunena kuti si cholakwika chilichonse chimene chimachokera ku Chichewa. Zina ndi changu, zina ndi chizolowezi cha mu ofesi chimene munthu anachipeza, monga *kindly* woikidwa paliponse, ndipo zina ndi kusiyana kwa Chingerezi chokhachokha: Mmereka amalemba *I already sent it* pomwe Mngelezi angakonde *I have already sent it*, ndipo onse akulondola kwawo. Zitatu ndafotokozazi ndazisankha chifukwa gwero lake likuoneka bwino, ndipo mankhwala ake ali pomwepo pa gweropo.

Usiku womwewo tinailembanso imelo ija, iye akunena chiganizo chilichonse m'Chichewa, n'kudzifunsa mafunso atatu aja: ndi lija kapena lina? Zikadali choncho? Kwa ndani? Inatuluka motere:

*Dear Madam,*
*I sent the quarterly report to your general office address. Our vehicle has been off the road since March and has not yet been repaired, so we request your support for the repair. I have also paid the trainer. The receipt is attached. We can discuss the budget next week.*

Onani kuti pa mlangizi paja sitinalimbane ndi *to* kapena *for*, tinangosintha mneni kukhala *paid*, amene safuna mperekezi. Nthawi zambiri njira yachidule ndi imeneyo: mperekezi akakukayikitsani, funani mneni amene akunyamula yekha tanthauzolo, monga mmene Chichewa chimachitira.

Yankho linabwera m'mawa mwake, la mizere iwiri, lopempha mitengo ya amakaniko. Kuchokera pa imelo yoyamba kufika pamenepa panali patadutsa masiku asanu ndi limodzi, galimoto ili pamiyala. Mayi uja ananditumizira uthenga wina masana: "Aphunzitsi, zatheka. Koma zaka zonsezi kusukulu ankatiletsa kuganiza m'Chichewa polemba Chingerezi." Ndinamuyankha kuti amene ankatiletsawo ankaopa kumasulira liwu ndi liwu, ndipo pamenepo sanalakwe, poti -na- uja ndi -ira uja anam'gwetsa m'njira imeneyo. Chimene tinachita usiku uja chinali kufunsa Chichewa mafunso amene chimadziwa kuyankha, kenaka n'kulemba yankholo m'Chingerezi.